Chithunzi chafika, mawu palibe: mmene mungawerengere uthenga wa vuto wa pa foni

Amene amakonza mafoni pa Boma ku Mangochi, ejenti wa ndalama za pa foni ku Namwera, ngakhale mwana wa sukulu amene pamudzi amamuti ndiye wodziwa za mafoni, onsewa amalandira uthenga wa mtundu umodzi pa WhatsApp. Chimabwera chithunzi cha sikirini, pakati pali mawu a Chingerezi onena kuti china chake chakanika, ndipo pansi pake munthu walemba kuti "taonani izi". Nthawi zina salemba n'komwe. Sananene pulogalamu yomwe anatsegula, sananene chomwe amafuna kuchita, ndipo mukamuimbira foni yake sikupezeka chifukwa ali pa nyanja kapena batire yatha.

Anthu ambiri amathamangira mawu a pakati, n'kuwamasulira m'Chichewa, kenako n'kuuza mwini foni kuti ayizimitse ndi kuyatsanso. Mawu a pakatiwo ndi oyenera kuwawerenga pomaliza. Choyamba dziwani amene akulankhula. M'foni imodzi muli olankhula angapo: Android mwini wake, pulogalamu yomwe munthu watsegula, tsamba la pa intaneti, kampani ya netiweki, Play Store, komanso wakuba amene akuyerekeza kukhala mmodzi wa awa. Mawu akuti `Something went wrong` akhoza kuchokera kwa aliyense wa iwo, ndipo mankhwala ake amasiyana malinga ndi amene wawanena.

Sitepe yoyamba: onani ngati chithunzicho n'chathunthu

Tsegulani chithunzi chidzaze sikirini yanu yonse, musachiwerengere m'kabokosi ka macheza, chifukwa mmenemo WhatsApp imabisa kumwamba ndi kunsi kwa zithunzi zazitali. Ngati kumwamba kulibe nthawi ndi batire, kawirikawiri ndiye kuti mwini wake anachidula asanatumize. Mupempheni chosadula musanayambe kuganiza zambiri, popeza theka la mayankho lili m'mbali zomwe anatayazo.

Ngati chithunzicho chinajambulidwa ndi foni ina, moti mukuona zala ndi kunyezimira kwa galasi, musafulumire kunena kuti munthuyo sadziwa kujambula sikirini. Mapulogalamu ambiri a mabanki amatseka dala kujambula. Munthu akayesa, foni imakana kapena imatulutsa chithunzi chakuda bii, ndiye amabwereka foni ya mnzake. Chithunzi chotere chimakupatsani kale ganizo loti nkhaniyo mwina ndi ya ndalama.

Mukaona nambala yachinsinsi yomwe yabwera pa uthenga, nambala ya akaunti kapena ya chitupa cha unzika ikuoneka pa chithunzipo, musachitumize ku gulu kukafunsa anzanu musanazifute.

Sitepe yachiwiri: werengani kamzere ka pamwamba

Kamzere kamene kali ndi nthawi, netiweki ndi batire ndi mboni yomwe mwini foni sanaiuze chonena. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kuzani chithunzi ndi zala ziwiri, muyende kuchokera kumanzere kupita kumanja.

Yambani ndi nthawi, muiyerekeze ndi nthawi yomwe uthengawo wafika kwa inu. Zikasiyana ndi mphindi ziwiri kapena zitatu, vutolo ndi la pompano ndipo wotchi ya foniyo ili bwino. Koma ngati uthenga wafika 10:30 m'mawa pamene chithunzi chikuonetsa 02:14, pali zinthu ziwiri. Mwina chithunzicho n'chakale, kapena wotchi yasokonekera. Kusokonekera kwa wotchi kumachitika kwambiri pa mafoni a batire yochotsa, aja amati akapita nawo kotchajitsa amazula batire n'kuyika pa chaja yopanira. Foni yotero ikayakanso imatha kubwerera ku tsiku la zaka zapitazo. Masamba otetezedwa a pa intaneti ali ndi satifiketi yomwe imagwira ntchito kuyambira tsiku lakuti kufika tsiku lakuti, ndiye foni yomwe ikuganiza kuti tili mu 2015 imaona ngati satifiketiyo siinayambe kugwira ntchito, n'kukana kutsegula tsamba. Tsiku silioneka pa kamzereka, choncho nthawi yolakwika ndiyo imakutsinani khutu.

Kenako onani zilembo zomwe zili pafupi ndi timizere ta netiweki. `E` ndi netiweki yoyenda pang'onopang'ono kwambiri, yomwe imanyamula mawu a WhatsApp koma imalemedwa ndi masamba akuluakulu. `H`, `H+` ndi `3G` zili pakati, pamene `4G` ndi `LTE` ndi chinthu chimodzi. Koma dziwani ichi bwinobwino: chilembo cha `4G` chimangonena kuti foni yalumikizana ndi nsanja, sichinena kuti munthuyo ali ndi bandulo. Pakakhala popanda chilembo chilichonse, komanso popanda chizindikiro cha waifai, deta ndi yozimitsa kapena yaikidwa pa simukhadi ina.

Chilembo cha `R` n'chofunika kuno kwathu kuposa m'maboma ambiri. Chimatanthauza kuti simukhadi yagwira netiweki ya kampani ina ya kunja. Munthu amene ali ku Chiponde, ku Katuli kapena mbali zina za Makanjira, kufupi ndi malire, foni yake imatha kugwira nsanja ya ku Mozambique iye ali m'munda mwake ku Malawi. Zikatero bandulo yake ya kuno siigwira ntchito, ndipo manambala oimba a ndalama, aja oyamba ndi nyenyezi, amatha kukanika. Mankhwala ake ndi kulowa mu `Mobile networks`, kuzimitsa kusankha netiweki kodzichitira yokha, n'kusankha kampani yake ndi dzanja.

Chomaliza choyang'ana ndi kachizindikiro ka kiyi, kapena zilembo za `VPN`. Achinyamata ambiri amaika mapulogalamu otere pofuna intaneti yaulere, kenako n'kuwaiwala ali oyaka. Chilichonse chotuluka m'foni chimadzera kaye pa seva, yomwe ndi kompyuta ya eni pulogalamuyo, ndiye sevayo ikafa, foni yonse imaoneka ngati ilibe intaneti ngakhale bandulo ilimo yodzadza.

Kunsi kwa chithunzi kungakuuzeni mtundu wa foni, zomwe zimathandiza pomulondolera munthu koti adine. Timizere titatu toimirira kumanzere ndi muvi wobwerera kumanja ndi kachitidwe ka Samsung. Kamakona atatu, kozungulira ndi kamakona anayi timapezeka pa Tecno, itel, Infinix ndi mafoni ena ambiri.

Sitepe yachitatu: dziwani amene akulankhula

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo maonekedwe a uthenga amanena zambiri kuposa mawu ake.

Android akamalankhula yekha, kawirikawiri amatchula dzina la pulogalamu yolakwa m'chiganizo chomwecho, ngati `Facebook keeps stopping` kapena `Chrome isn't responding`. Pamenepa funso loti ndi pulogalamu iti layankhidwa kale. Mauthenga awiriwa si amodzi. Woyamba ukunena kuti pulogalamu yagwa n'kudzitseka, ndipo yachita zimenezi kangapo. Wachiwiri ukunena kuti pulogalamu idakali moyo koma yauma, chifukwa Android amautulutsa pulogalamu ikatha masekondi pafupifupi 5 osayankha chala cha munthu. N'chifukwa chake pansi pake pamakhala `Wait` ndi `Close app`. Kuuma kotere kumakonda mafoni a mphamvu yochepa, kapena odzadza ndi mavidiyo a m'magulu. Mukaona kalembedwe koti `Unfortunately, WhatsApp has stopped`, dziwani kuti foniyo ndi yakale ndithu, popeza kuyambira pa Android 7 mawu oyambawo anachotsedwa. Ndipo ngati munthu watumiza zithunzi zitatu, chilichonse chikutchula pulogalamu yosiyana, musavutike ndi mapulogalamuwo mmodzimmodzi. Vuto lili pa chinthu chomwe onse amadalira. Mu Malichi 2021 mapulogalamu ambiri anagwa tsiku limodzi pa dziko lonse chifukwa cha `Android System WebView`, chigawo cha Android chotsegula masamba mkati mwa mapulogalamu, ndipo anachira anthu atachikonzanso kudzera pa Play Store.

Kampani ya netiweki imalankhula m'kabokosi kopanda zokongoletsa, kopanda chizindikiro cha kampani, ndipo kumbuyo kwake mumaona mabatani oimbira foni atachita mdima. Mukaona manambala kumbuyoko, dziwani kuti palibe pulogalamu iliyonse yomwe yakanika. Munthuyo amaimba nambala yoyamba ndi nyenyezi. Uthenga wodziwika kwambiri m'kabokosi kotere, womwe foni imautulutsa yokha kuimbako kukakanika, ndi uwu:

```
Connection problem or invalid MMI code.
```

Uthengawu umasocheretsa chifukwa waphatikiza zinthu ziwiri: netiweki yavuta, kapena nambala yomwe yaimbidwa siidziwika pa netiwekiyo. Yang'anani kumbuyo kwa kabokosiko, nthawi zina nambalayo imaoneka. `*211#` ndi ya Airtel Money, `*444#` ndi ya TNM Mpamba. Pa foni ya simukhadi ziwiri, munthu akaimba nambala ya kampani ina pa simukhadi ya kampani inzake, sizingatheke. Ngati simukhadi ndi yolondola, ayatse chizindikiro cha ndege kwa theka la mphindi n'kuchizimitsa, kuti foni ifunenso nsanja. Musamutume kukagula bandulo, manambala awa sadya deta.

Tsamba la pa intaneti limadziwika ndi malo a adiresi pamwamba, pamodzi ndi kabokosi kakang'ono kokhala ndi nambala ya masamba omwe ali otsegula. Mukaona zimenezi munthuyo ali mu Chrome kapena pulogalamu ina yotsegulira masamba, ngakhale iye akunena kuti anali pa Facebook. Kabokosi komwe pamwamba pake pali adiresi yotsatidwa ndi mawu akuti `says` kalembedwa ndi mwini tsambalo, osati foni.

Play Store ndi choikira mapulogalamu zili ndi mawu awoawo: `Can't install`, `Pending`, `App not installed`. Uthenga womalizawu, pamodzi ndi uja wonena za `parsing the package`, umatuluka munthu akamaika pulogalamu yomwe wapatsidwa ndi mnzake kudzera pa Xender kapena Bluetooth. Mwina fayilo inaduka panjira, mwina inapangidwira Android watsopano kuposa wa foniyo, kapena m'foni muli kale pulogalamu ya dzina lomwelo yochokera kwina.

Palinso kauthenga kotuwa kamene kamaonekera kunsi kwa sikirini n'kuzimirira m'masekondi awiri kapena atatu. Pa Android 12 kupita m'tsogolo kamabwera ndi kachizindikiro ka pulogalamu yomwe yakatulutsa, ndiye kuzani chithunzi muone. Pa mafoni akale kalibe chizindikiro, ndipo kakhoza kuchokera ku pulogalamu ina yomwe ikugwira ntchito kuseri, osati yomwe ikuoneka pa sikirini.

Zikakhala kuti uthenga uli ndi mitundu, zilembo zokongola ndi batani la `Try again`, wolankhula ndi pulogalamu yeniyeniyo. Mtundu ungakupatseni ganizo, koma musalumbire nawo. Mapulogalamu obiriwira ndi ambiri, ofiira ndi ambirinso.

Sitepe yachinayi: tsopano werengani mawu

Uthenga wa vuto umakhala ndi mbali yomwe ndi yaulemu chabe, ndi mbali yomwe ili ndi nkhani. `Oops`, `Please try again later` ndi ena otero alibe kanthu. Funani zilembo zazikulu zolumikizidwa ndi timizere tapansi, nambala, kapena adiresi, zomwe nthawi zambiri zimalembedwa ting'onoting'ono kumapeto. Zikopereni ndendende mmene zilili, popanda kukonza kalembedwe, chifukwa mukafuna kuzifufuza pa intaneti chilembo chimodzi chimasintha zotsatira. Pofufuzapo chotsani nambala ya foni, dzina la munthu ndi kuchuluka kwa ndalama.

Pa masamba a pa intaneti, nambala za manambala atatu zili ndi lamulo losavuta. Zoyamba ndi 4 zimanena kuti seva yamva pempho koma yalikana: 401 munthu sanalowe ndi dzina lake, 403 saloledwa, 404 tsambalo kulibe. Zoyamba ndi 5, monga 500, 502 ndi 503, zimanena kuti vuto lili kwa eni tsamba. Zonsezi zili ndi uthenga umodzi wabwino, woti foni inafika mpaka ku seva, choncho intaneti ikuyenda. Munthu amene waona 503 asafute kanthu m'foni mwake, angodikira.

Chitsanzo chimodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tiyerekeze kuti amalume anu ali ku Malindi, akudikira maboti a usipa, ndipo nthawi ya 6:42 m'mawa atumiza chithunzi popanda mawu. Sikirini yonse ndi yoyera. Pakona pali kamutu ka chidole chobiriwira cha Android, ndipo pansi pake palembedwa:

```
Webpage not available
The webpage at https://pay.example.com/login
could not be loaded because:
net::ERR_CONNECTION_TIMED_OUT
```

Kamzere ka pamwamba kakuonetsa 6:40, netiweki ziwiri, `4G` pa yoyamba, batire 31%, ndi kachizindikiro ka uthenga wa WhatsApp womwe sunawerengedwe. Kiyi palibe, `R` palibe, waifai palibe.

Nthawi ikugwirizana, choncho wotchi tiichotse pa mndandanda wa okayikiridwa. Tsopano wolankhula ndani? Mawu akunena za tsamba la pa intaneti, koma malo a adiresi pamwamba palibe. Chrome ikalephera kutsegula tsamba imalemba `This site can't be reached` ndipo malo a adiresi amakhalapo. Tsamba loyera lopanda malo a adiresi, lokhala ndi mawu akuti `Webpage not available`, limatuluka pamene pulogalamu ina ikutsegula tsamba mkati mwake. Mapulogalamu ambiri olipirira zinthu, olembetsera mayeso kapena a ngongole ndi chikopa chabe chokuta tsamba la pa intaneti. Ndiye tadziwa kuti amalume sanali mu Chrome, anali mu pulogalamu.

Pulogalamu yake iti? Adiresi ndiyo ikuuzeni. Tengani chigawo chomwe chili pakati pa `https://` ndi kamzere kopendekera koyamba, pano ndi `pay.example.com`, ndipo muchiwerenge kuyambira kumanja. Mwini wake ndi `example.com`, pamene `pay` ndi chipinda chabe m'nyumba mwake. Ma adiresi a kuno othera ndi `.mw` amatenga zigawo zitatu nthawi zina, monga aja othera ndi `.gov.mw` kapena `.ac.mw`, koma kawerengedwe n'komweko. Mawu a `login` kumapeto akutiuza kuti zakanika pakhomo penipeni, munthu asanalowe. Ngati nkhaniyo ndi yolipira, apa mtima ukhale pansi: palibe ndalama yomwe yachoka, chifukwa sanafike n'komwe polemba ndalamazo.

Chatsala ndi mzere womaliza. `TIMED_OUT` ikutanthauza kuti foni inagogoda, n'kudikira, koma palibe anayankha. Zimenezi n'zosiyana ndi `ERR_INTERNET_DISCONNECTED`, yomwe imatuluka foni ikadziwa yokha kuti deta ndi yozima. N'zosiyananso ndi `ERR_NAME_NOT_RESOLVED`, pamene foni yalephera kupeza komwe dzina la tsambalo limakhala. Pano foni ikukhulupirira kuti ili ndi intaneti, ndipo `4G` ikuvomereza.

Umboni waukulu ndi woti chithunzicho chafika kwa inu patangotha mphindi ziwiri, pa WhatsApp, kuchokera pa foni yomweyo. WhatsApp ikuyenda koma tsamba silikuyenda. Zinthu zomwe zingachititse zimenezi ndi zitatu, ndipo ndi bwino kuziyesa motsatana, kuyambira chotchipa. Choyamba, amalume ali ndi bandulo ya WhatsApp yokha, kapena bandulo yaikulu yatha n'kutsala ya macheza. Kampani imalola WhatsApp kudutsa n'kutsekera zina zonse, ndipo foni siidziwa zimenezo, imangodikira. Chachiwiri, seva ya eni pulogalamu yagwa kapena yadzazidwa ndi anthu. Chachitatu, netiweki ya pagombepo ndi yofooka moti mawu ochepa akudutsa koma tsamba likutsamwa. Chachitatuchi n'chokayikitsa pano, poti chithunzi chenicheni chadutsa mosavuta.

Choyamba ndi chachiwiri mungazilekanitse musanawavutitse amalume. Lembani `pay.example.com` mu Chrome pa foni yanu. Ngati kwa inunso sikutsegula, vuto lili kwa eni ake, ndipo yankho lanu ndi loti adikire ayesenso masana. Ngati kwa inu latsegula bwinobwino, alembereni chonchi: "Amalume, tsegulani Chrome mulembe `google.com`, mundiuze ngati yatsegula." Akati yakana, afunseni bandulo yomwe anagula komaliza. Kawirikawiri nkhani imathera pomwepa, osafuta pulogalamu, osatsuka foni.

Google ikatsegula kwa amalume, tsamba lija likutsegula kwa inu, koma pulogalamu yawo ikukanabe, ndiye kuti vuto latsalira pa pulogalamuyo. Alowe mu `Settings`, `Apps`, asankhe pulogalamuyo, aone ngati ikuloledwa kugwiritsa ntchito deta, chifukwa mafoni ena ali ndi batani lotsekera deta pulogalamu imodzi yokha. Kenako adine `Force stop` ndi `Clear cache`. Muwachenjeze kuti `Clear cache` si `Clear data` kapena `Clear storage`. Yoyamba imasesa zinyalala zokha. Yachiwiri imawatulutsa mu akaunti, ndipo munthu amene anaiwala mawu achinsinsi kapena anataya simukhadi yomwe analembetsera akhoza kutsekeredwa kunja mpaka kalekale. Mabatani awiriwa amakhala moyandikana, ndiye atchuleni bwino.

Taonani mmene mzere umodzi ukanasinthira zonse. Pakanalembedwa `net::ERR_UNKNOWN_URL_SCHEME`, ndipo adiresi ikuyamba ndi `whatsapp://` kapena `intent://`, intaneti ikanakhala yopanda mlandu. Tsambalo limafuna kutsegula pulogalamu ina, koma chikopa chomwe lilimo sichidziwa kuchita zimenezo, ndipo njira yake ndi kutsegula tsamba lomwelo mu Chrome. Pakanalembedwa `net::ERR_CLEARTEXT_NOT_PERMITTED`, vuto likanakhala la opanga pulogalamu, omwe akugwiritsa ntchito adiresi ya `http://` yosatetezedwa, yomwe kuyambira pa Android 9 imakanidwa pokhapokha iwo ataloleza. Mwini foni sangakonze zimenezo, angoona ngati pa Play Store pali pulogalamu yokonzedwanso.

Sitepe yachisanu: funsani, koma mafunso ochepa

Chithunzi chili ndi malire. Sichinena chomwe munthu anadina komaliza, sichinena ngati dzulo zimatheka. Safunsa anadya phula, komabe funso loti "ndi pulogalamu yanji?" silipindula kwa munthu amene kwa iye zonse ndi "pa foni". Funsani za cholinga chake: "Achemwali, mumafuna kuchita chiyani pamene izi zimatuluka?" Adzakuyankhani kuti amafuna kulipira fizi kapena kuona ndalama zochokera ku Joni, ndipo inu mudzadziwa nokha pulogalamu yake. Funso lachiwiri ndi loti zinayamba liti. Lachitatu ndi loti chasintha n'chiyani: simukhadi yatsopano, foni yachokera kokonzetsa, kapena mwana anaibwereka. Tumizani funso limodzi, ayankhe, kenako lina. Mukatumiza onse pamodzi mudzayankhidwa lomaliza lokha.

Dzina la pulogalamu mungalipeze m'njira ziwiri popanda kumufunsa kuti alitchule. Njira yoyamba, uthenga wa vuto uli pa sikirini, adine batani lakunsi lomwe limaonetsa mapulogalamu otsegula, lija la makona anayi kapena la timizere titatu, n'kujambulanso. Pamwamba pa khadi lililonse pamaoneka chizindikiro cha pulogalamu, nthawi zambiri ndi dzina lomwe. Njira yachiwiri ndi dzina la fayilo. Mafoni a Samsung amaika dzina la pulogalamu kumapeto kwa dzina la chithunzi, motere:

```
Screenshot_20240315_064012_Chrome.jpg
```

Chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse WhatsApp imachipatsa dzina lake loyamba ndi `IMG-`, ndipo umboniwo umatayika. Chikatumizidwa ngati `Document` dzina limafika lathunthu, komanso zilembo zing'onozing'ono zimawerengeka bwino poti chithunzi sichifinyidwa. Si mafoni onse amene amalemba dzina la pulogalamu, choncho njira yoyamba ija ndiyo yodalirika.

Zithunzi ziwiri zofunika kuyankhidwa msanga

Chithunzi chonena kuti foni ili ndi mavairasi, chokhala ndi zilembo zofiira, wotchi yowerenga chobwerera ndi batani loti dinani pano muchotse, si uthenga wa vuto. Ndi malonda kapena msampha. Android sawerengera munthu masekondi, ndipo tsamba la pa intaneti lilibe mphamvu yofufuza m'foni. Yang'anani pamwamba mupeza malo a adiresi ndi dzina lachilendo. Yankho lake lipite nthawi yomweyo: asadine kanthu, atseke tsambalo. Ngati mauthengawo akubwera okha kuchokera pamwamba pa sikirini, munthuyo analola tsamba lina kumutumizira zidziwitso. Adine uthengawo osachotsa chala, aone dzina la tsamba, n'kulitseka mu Chrome pa `Site settings`, `Notifications`. Chimodzimodzi uthenga uliwonse wonena kuti akaunti yatsekedwa ndipo muimbe nambala ya foni ya munthu kapena mulembe pini: werengani adiresi kuyambira kumanja monga tinachitira muja, chifukwa wakuba amaika dzina la banki kumanzere, dzina lake lenileni kumanja.

Chinacho ndi cha ndalama zomwe zakanika pakati pa njira, chokhala ndi mawu ngati `timeout`, `pending` kapena `request failed`, munthu atalemba kale pini. Apa langizo la masiku onse loti yesaninso ndi loopsa. Kutha kwa nthawi kumangotanthauza kuti yankho silinabwerere ku foni, pamene ndalamazo zikhoza kukhala zitachoka kale. Wogula nsomba amene wabwereza kutumiza katatu ali pa doko akhoza kulipira katatu. Muuzeni asabwereze. Ayambe waona ndalama zotsala, adikire uthenga wotsimikizira kwa mphindi zingapo, aone mndandanda wa zomwe watumiza posachedwa, ndipo afunse wolandirayo ngati zafika. Ngati ndalama zachoka koma sizinafike, chithunzicho asachifute: alembe papepala nambala ya ntchitoyo ngati ikuoneka, nthawi yomwe ili pakona, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala yomwe amatumizira, ndipo apite nazo ku ofesi ya kampaniyo kapena aimbe nambala yothandizira makasitomala yomwe ili pa chikwangwani cha ejenti, osati yomwe yabwera pa uthenga.